Kalata ya Chifalansa imene inandidyera mayuro 305

Mwezi uno wokha anthu atatu akumudzi andifunsa kuti ndiwalumikize ndi munthu amene amalemba makalata ofunsira ntchito m'mahotela kuno ku Falansa. Onse ndawakanira, ndipo mmodzi, mwana wa azakhali anga enieni, wakwiya mpaka sakuyankha foni. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi, aliyense adziwerengere yekha chimene ndikukanira.

Ndinafika ku Lyon mu Seputembala 2023 pa viza ya sukulu. Ndisanabwere ndinagwira zaka zitatu pa risepishoni pa loji ina m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo Chifalansa ndinachiphunzira ku sekondale ndi ku koleji mpaka kupeza pepala la mayeso a Chifalansa lotchedwa DELF pa mlingo wa B2. Ndinkadziwa kuti ntchito yolandira alendo ndimaitha. Chimene chinkandiopsa ndi kalata imene amafuna kuti uperekeze nayo CV, ija pa zolengeza ntchito amailemba kuti `lettre de motivation`. Aliyense ankandiuza kuti Afalansa sachita nthabwala pa kalata, ukaphonya kachizindikiro kamodzi pamwamba pa chilembo basi yapita m'bini.

Mantha amenewo ndi amene anandipititsa kwa bambo wina amene nambala yake inkazungulira pakati pa ife a kumwera kwa Afirika. Ankalankhula Chichewa bwinobwino, ankati amakhala ku Paris, ndipo ine ndinkangoti achimwene. "Achemwali musadandaule, mamanijala ambiri ndi anzanga. Kalata ndi mayuro 80 basi, pakatha milungu iwiri mukhala mukuyankha mafoni pa hotela." Ndinatumiza. Kalata inabwera mawa lake, yodzadza tsamba lonse, mawu ake akuluakulu oti ena ndinachita kuwafufuza m'dikishonale. Ndinaona ngati ndagula chinthu chapamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anaitumiza ngati chithunzi, yoti sindikanatha kusintha ngakhale chilembo chimodzi. Nditapeza hotela yachiwiri n'kuwapempha kuti asinthe dzina ndi keyala, anati kusintha kulikonse ndi mayuro 25. Zimenezi sanazitchule pachiyambi. Ndinalipira katatu, mayuro 75, kulipirira kuti munthu afufute mizere iwiri. Kenako mu Januwale anabwera ndi nkhani yakuti pali manijala amene wavomera kundiona, koma pakufunika mayuro 150 otsegulira failo. Ndinalipiranso. Tsiku la intaviyu linasuntha kawiri, ulendo wachitatu foni yawo inasiya kulowa. Mukaphatikiza ndi mayuro 305, amene pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo, kwacha itangogwa mu Novembala 2023, anali oposa K500,000. Gawo lina la ndalamayo anali mayi anga amene anagulitsa mbuzi.

Ndalamayo imandipweteka mpaka lero, koma chimene chinandichititsa manyazi kwambiri chinali china. Hotela imodzi mwa zinayi zija inandiimbira. Ndinali m'basi, phokoso lili pwirikiti. Mayi wa mbali inayo ankalankhula mothamanga monga amalankhulira eni ake. Anati aona kuti ndinagwira zaka zisanu pa hotela ya nyenyezi zinayi, ndiye ndiwauze kuti inali ya zipinda zingati. Anafunsanso za pulogalamu ya pa kompyuta yosungitsira zipinda imene kalata inkati ndimaidziwa bwino. Ine pulogalamu imeneyo ndinali ndisanaionepo, ku loji kwathu tinkagwiritsa ntchito ina yaing'ono ndi buku lalikulu la pa kauntala. Ndinayamba chibwibwi, ndinawapempha kawiri kuti abwereze. Anakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti, "Kalata iyi munalemba nokha?" Sindinayankhe. Anathokoza n'kudula. Foni yonseyo siinakwane mphindi zitatu.

Apa ndi pamene ambiri simumvetsa. Pa ntchito yochapa mbale kapena yoyala mabedi, kalata yolembedwa ndi wina ikhoza kukudutsitsa, chifukwa palibe amene adzakuyese pakamwa. Wolandira alendo chida chake ndi pakamwa. Manijala akamawerenga kalata amakhala akumvetsera m'maganizo mmene ungayankhire mlendo wokwiya amene kiyi yake yakana kutsegula pakati pa usiku. Akaikonda, choyamba n'kuimba foni, nthawi zambiri osakuchenjeza. Kalata ikakhala ya Chifalansa cha pulofesa pamene pakamwa pako pali Chifalansa cha mwana wa sukulu, kusiyanako kumamveka m'chiganizo choyamba, ndipo akakugwira bodza limodzi sakhulupiriranso ngakhale zoona zimene zili pa CV. Zaka zanga zitatu za ku Mangochi zinali zenizeni, koma zinafera limodzi ndi zaka zisanu zabodzazo.

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wachikulire pa ofesi ina yopezera anthu maganyu a m'mahotela. Ndinalowa ndili ndi mayuro 20 m'manja, poganiza kuti nawonso afuna kenakake. Anandibwezera dzanja. Anati kuno lamulo la ntchito limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito chifukwa chomupezera malo, amene amalipira ndi wolemba ntchitoyo. Mvetsani bwino mawu amenewa. Munthu akhoza kukulipiritsani pokulemberani kalata, imeneyo ndi malonda ake, koma akangoti perekani ndalama kuti ndikulowetseni kapena kuti muonane ndi manijala, dziwani kuti mukuberedwa. Anandiuzanso kuti m'maholo ambiri a mzinda ndi m'malo othandizira anthu m'madera muli alembi othandiza kulemba makalata ulere, pa chitseko pamalembedwa `écrivain public`, ndipo ku yunivesite kwathu komwe kunali ofesi yoona CV ndi makalata a ophunzira osalipiritsa. Ndinkadutsa pakhomo pake tsiku lililonse.

Atawerenga kalata yanga yogula ija anapukusa mutu. Anati mawu omwewo, ndime ndi ndime, anali atawaona kale kwa anthu ena awiri mwezi womwewo. Kenako anatenga cholembera chofiira. Kalatayo inalembedwera mwamuna: paliponse pamene ine mkazi ndimayenera kukhala `motivée` panali `motivé`, chilembo chomaliza chija palibe. Pa Chichewa sitisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mawu otere, n'chifukwa chake diso lathu limangodutsapo, koma Mfalansa amaona pomwepo kuti kalata ndi yobwereka. M'kope lachitatu, pakati pa ndime yachiwiri, munatsala dzina la hotela yoyamba ija. Ndinalipira mayuro 25 kuti hotela ina ilandire kalata yoyamikira hotela inzake. Inayambanso ndi `Cher Monsieur`, mawu olembera munthu amene mumadziwana, pamene wowerengayo sindinkamudziwa ndipo anapezeka kuti ndi mayi. Panalinso `bilingue`, kutanthauza kuti Chifalansa ndimachilankhula ngati chobadwa nacho.

Anati ndikhale pansi ndilembe ndekha, iwo angokonza zolakwa, osawonjezera mawu amene sindingawanene pakamwa. Tinatha pafupifupi ola lathunthu. Ndikuonetsani mmene inakhalira, chifukwa ndi imene inagwira ntchito.

Kaikidwe kake kali ndi mwambo wake. Dzina lako, keyala, foni ndi imelo zimakhala pamwamba kumanzere. Dzina la hotela ndi keyala yake zimakhala kumanja, motsikirako pang'ono, ndipo ngati ukudziwa udindo wa wowerenga umalemba `À l'attention de` kenako udindowo. Pansi pake mzinda ndi tsiku, kenako mutu wa kalata, kenako malonje:

```
Lyon, le 12 février 2024

Objet : Candidature au poste de réceptionniste de nuit

Madame, Monsieur,
```

Dzina la mwezi limayamba ndi chilembo chaching'ono, osati chachikulu monga tinazolowera pa Chingerezi, ndipo pamakhala kampata madontho awiri aja asanabwere. Ngati sukudziwa amene awerenge, malonje ndi mawu awiri amenewo basi. Pa mutu wa kalata kopera dzina la ntchito ndendende mmene alilembera, chifukwa ntchito za pa risepishoni n'zosiyana. Ya usiku nthawi zambiri imayamba cha m'ma 11 koloko mpaka 7 m'mawa, ndipo umakhala wekha, kutseka maakaunti a tsikulo, nthawi zina n'kuyala matebulo a chakudya cham'mawa. Imene amailemba `tournant` ndi yosinthasintha, lero m'mawa, mawa madzulo, mkuja usiku, ndipo mwana wa sukulu sangaikwanitse. Kalata yogula ija inkangoti ndikufuna ntchito iliyonse pa hotela yanu yotchuka.

Thupi la kalata mayi aja anandiphunzitsa kuti liyende masitepe atatu: inu, ine, ife. Umayamba ndi iwo, kusonyeza kuti wawerenga chimene akufuna. Ife kwathu tinazolowera kuyamba ndi kudzichepetsa, kuti ndikupempha modzichepetsa, ndine mtsikana wa zaka zakuti, woopa Mulungu, wochokera m'banja losauka, ndikulera abale anga. Zonsezo zisiyeni ku Malawi. Za mpingo, za banja ndi za mavuto a pakhomo sizilowa m'kalata ya kuno, ndipo kuchonderera amakuona ngati chizindikiro chakuti ulibe choti uwagulitse. Chiganizo changa choyamba chinangoti chilengezo chanu chikuti mukufuna wolandira alendo wa usiku kumapeto kwa mlungu, wozolowera alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo ndikufunsira malo amenewo.

Ndime ya ine ndi imene tinakhalitsapo. Ndinkafuna kubisa loji ya ku Mangochi poganiza kuti aipeputsa. Mayi aja anakana. Anandifunsa kuti inali ndi zipinda zingati, ndinkachita chiyani kuyambira m'mawa, ndalama ankawerenga ndani madzulo. Zimene ndinayankha ndi zimene tinalemba:

```
J'ai travaillé trois ans à la réception d'un lodge de 24 chambres au Malawi :
réservations, arrivées et départs, encaissements, clôture de caisse.
Je parle couramment anglais et j'ai un niveau B2 en français (DELF).
```

Kumasulira kwake n'kwakuti ndinagwira zaka zitatu pa risepishoni ya loji ya zipinda 24 ku Malawi, kusungitsa zipinda, kulandira ndi kutsanzika alendo, kulandira malipiro ndi kutseka kaundula wa ndalama, ndimalankhula Chingerezi mosadodoma ndipo Chifalansa changa ndi cha mlingo wa B2. Palibe mawu oti ndine wakhama, wansangala, wokonda anthu. Mawu amenewo aliyense amalemba ndipo manijala amawadumpha. Nambala ya zipinda ndi imene imamuuza kukula kwa ntchito imene unanyamulapo, ndipo kutseka kaundula kumamuuza kuti munthu wina anakukhulupirirapo ndi ndalama. Za pulogalamu ija tinalemba zoona, kuti ndinagwiritsapo ntchito ina ndipo ndine wokonzeka kuphunzira yawo.

Chingerezi chathu musachitaye pansi. M'mahotela a kuno amachifuna kwambiri pa risepishoni, ndipo ndi chinthu chimodzi chimene Mmalawi amene anagwirapo ntchito ndi alendo amaposera anzake ambiri. Koma Chingerezi chomwecho ndi chimene chimatikola tikamalemba. Poyamba ndinalemba `application` kutanthauza kufunsira ntchito, pamene mawu ake ndi `candidature`. Ndinalembanso kuti ndine `excitée` kuyamba ntchito. Mayi aja anafufuta msanga n'kundinong'oneza kuti mawu amenewo angamveke ngati chilakolako cha kuchipinda, si oti mkazi alembere bwana wosamudziwa.

Ndime ya ife ndi yaifupi koma kwa mlendo ndi imene imatsegula chitseko. Manijala akaona dzina lachilendo ndi dziko limene mwina sanalimvepo, funso loyamba m'mutu mwake ndi la mapepala. Ukapanda kuliyankha, sakuimbira kuti akufunse, amangotenga kalata yotsatira. Ndiye tinalemba poyera:

```
Titulaire d'un titre de séjour étudiant, je suis autorisée à travailler
et disponible les nuits du vendredi et du samedi dès le 1er mars.
```

Ndiye kuti ndili ndi chilolezo chokhala m'dziko ngati wophunzira, ndine wololedwa kugwira ntchito, ndipo ndilipo usiku wa Lachisanu ndi wa Loweruka kuyambira pa 1 Malichi. Wophunzira wochokera kunja amaloledwa maola 964 pa chaka. Mausiku awiri a maola 8 pa mlungu amakwana maola 832 pa chaka, ndiye ndinali m'kati mwa malire. Kalata yogula ija inkati ndilipo nthawi iliyonse, masiku onse. Ndikanalembedwa pa mawu amenewo ndikanapyola malirewo, ndipo kupyola kungathe kukulanditsa chilolezo chokhalira m'dziko. Achimwene aja sanandifunsepo n'komwe kuti ndili ndi viza yanji.

Kumapeto kuli chiganizo chotsanzikira chimene Afalansa amachisunga ngati mwambo wa pa chinkhoswe. Osachipeka, osachikometsera, ingochikopera molondola:

```
Dans l'attente de votre réponse, je vous prie d'agréer,
Madame, Monsieur, mes salutations distinguées.
```

Malonje amene unayamba nawo amabwerezedwa pakati pake ndendende. Ngati unayamba ndi `Madame,` yekha, pamenepanso ndi yemweyo yekha. Ambiri amalemba `veuillez agréer` pambuyo pa mawu oyembekezera yankhowo, koma pamenepo chiganizo chimathyoka, chifukwa woyembekezera ndi iwe, choncho chotsatira chiyenera kuyamba ndi `je`. Mawu oti `Cordialement` ndi a pa imelo yaifupi yoperekezera, osati a m'kalata yeniyeniyo. Kenako dzina ndi siginecha kumunsi kumanja. Zonse zikwane tsamba limodzi, mpata n'kutsalako. Yanga inali ndi mizere yosakwana makumi awiri.

Anandiuza kuti ndiiwerenge mokweza kasanu, ndipo mawu alionse amene lilime likupunthwapo tiwachotse. Tinachotsa awiri. Kenako anatenga foni yawo n'kuyerekeza kuti ndi manijala, kundifunsa mzere ndi mzere. Sanatenge ngakhale yuro imodzi.

Ndinaitumiza ku mahotela asanu ndi limodzi, kulikonse ndikusintha ndime yoyamba malinga ndi chilengezo chawo. Ku mahotela awiri ndinapita ndekha ndi pepala m'manja cha m'ma 3 koloko masana, pamene alendo otuluka atha ndipo olowa sanachuluke. Anayi sanayankhe n'komwe, imodzi inakana mwaulemu, imodzi inaimba. Manijala wake anafunsa za loji ya zipinda 24 ija, ndipo ulendo uno ndinali ndi zonena mpaka anachita kundidula. Pakati pa nkhani anasinthira ku Chingerezi osandichenjeza, n'kubwereranso. Ndinayamba pa 1 Malichi 2024.

Tsopano inu amene muli ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu, amene mukuganiza kuti kalata yabwino ya Chifalansa ikukwezani ndege, ndimvereni ngakhale zikuwawa. Kalata si viza. Kuti hotela ilembe munthu amene ali ku Malawi, iyenera kupempha yokha chilolezo cha ntchito ku boma, kawirikawiri iyenera kusonyeza kuti inalengeza malowo kwa milungu itatu osapeza woyenera, kenako ilipire msonkho chifukwa cholemba mlendo, n'kudikira kuti viza ituluke. Ndi manijala uti angachite zonsezo chifukwa cha wolandira alendo, pamene pa tebulo pake pali mulu wa makalata a anthu okhala mumzinda momwemo amene angayambe Lolemba? Amene akukuuzani kuti tumizani ndalama akulembereni kalata ndipo hotela ikutumizirani tikiti akudziwa bwino kuti akunama. Musagulitse munda, musakongole katapila chifukwa cha pepala limodzi. Ndipo ngati Chifalansa chanu chimathera pa moni, musadzivute ndi risepishoni. Pitani kaye m'kalasi.

Za malipiro nazonso musamawerenge ndi maso a kwacha. Pamene ndinkayamba, malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma anali mayuro 11.65 pa ola asanadule, ndipo anga sanatalikirane nawo. Pa mausiku awiri pa mlungu ndinkalandira m'manja pafupifupi mayuro 640 pa mwezi. Kachipinda kanga kokha ndi mayuro 450. Otsalawo ndi chakudya, basi ndi foni. Mayuro 305 amene ndinapatsa achimwene aja ndi mausiku anayi athunthu oima pa kauntala, kuyambira 11 koloko mpaka kucha, kulembetsa alendo akunja kafomu kapolisi, kufotokozera munthu wotopa chifukwa chake pa bilu pali kamsonkho ka mzinda kamene sanakaone posungitsa chipinda.

Kwa mwana wa azakhali ndatumiza zithunzi za makalata onse awiri, yogula ija yokhala ndi mizere yofiira ndi yanga ya mizere yochepa. Ndamuuza kuti akapeza malo a sukulu ndi viza yake, adzalembe yake ndi dzanja lake, ine ndidzamuimbira foni n'kumufunsa mzere ndi mzere monga anandichitira mayi aja. Nambala ya achimwene aja ikuzungulirabe, ndinaiona mlungu watha, ndipo mtengo wa kalata akuti tsopano ndi mayuro 100.